Jini ndi toniki yosukuluka: kumene vuto limachokera ndi mmene mungalithetsere

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa anthu amene amadzikonzera jini ndi toniki kunyumba ndi lakuti chakumwacho chimakoma pa kumwa koyamba kokha, koma mphindi zisanu zisanathe chimakhala chitasukuluka, mpweya wake utatha, ndipo chotsala m'tambula ndi madzi otsekemera ofunda amene jini yake sikumvekanso. Ambiri amaganiza kuti agula jini yoipa, choncho ulendo wotsatira amagula yodula, koma vuto silisintha. Ena amachepetsa ayisi poganiza kuti ndiye akuthira madzi m'chakumwa, ndipo potero amangokulitsa vuto limene akufuna kuthetsa. Kwa ine, nthawi zambiri gwero lake ndi kutentha: toniki yofunda, tambula yofunda ndi ayisi wochepa amene wayamba kale kusungunuka. Zina zonse, monga muyezo ndi ndimu, n'zofunika, koma munthu asanazikhudze ayenera kuyamba watsimikiza za kuzizira.

Ndinaphunzira zimenezi masana ena a mwezi wa Okutobala ku Salima, titakhala pakhonde ndi alamu anga amene anabwera ndi botolo la Malawi Gin kuti tikonze chimene anthu ambiri kuno amangochitchula kuti MGT. Toniki inali itakhala m'galimoto kuyambira m'mawa, matambula anali pa thebulo pamene dzuwa linkafikapo, ndipo ayisi ndinali nditamutulutsa kale n'kumuika m'mbale. Ndinaponya timibulu tiwiri m'tambula iliyonse, n'kuthira. Thovu linakwera mpaka kukamwa kwa tambula, kenako linagwa, ndipo tisanamalize n'kulonjerana komwe timibulu tija tinali titasanduka tizidutswa tosaposa nthangala za dzungu. Alamu anga analawa n'kunena modekha kuti, "Alamu, jiniyi ilibe mlandu, koma mwaiphika." Ananena zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta kuwatsatira.

Chifukwa chake kuchepetsa ayisi sikuthetsa vuto

Ayisi amaziziritsa chakumwa makamaka posungunuka. Galamu imodzi ya ayisi ikasungunuka imayamwa kutentha kokwanira kutsitsa magalamu pafupifupi 80 a madzi ndi digiri imodzi. Izi zikutanthauza kuti kuchuluka kwa madzi amene alowe m'chakumwa chanu kumadalira kutentha kumene ayisiyo akuyenera kuchotsa, osati chiwerengero cha timibulu timene mwaponyamo.

Tiyeni titenge zimene zinachitika pakhonde paja. Jini inali mamililita 50, toniki mamililita 150, tambula yagalasi yolemera magalamu pafupifupi 300, ndipo zonsezi zinali pa madigiri 28. Kuti zonsezo zitsike kufika pa digiri imodzi, pamafunika kuti pasungunuke ayisi wa magalamu pafupifupi 85, ndipo mwa amenewa pafupifupi 20 amathera pa kuziziritsa galasi lokha. Timibulu tanga tiwiri tinali magalamu 50 okha tonse pamodzi. Tinasungunuka tonse, chakumwa chinangotsika kufika pa madigiri pafupifupi 10, ndipo kuchokera pamenepo chinayambanso kufunda chifukwa panalibe chotsala choti chilimbane ndi kutentha kwa tsikulo ndi kwa dzanja logwira tambula. Ndinapeza zoipa zonse ziwiri nthawi imodzi: madzi oonjezera okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a chakumwacho, komanso chakumwa chosazizira.

Ndikanadzaza tambula ndi ayisi wonyowa yemweyo, chakumwa chikanazizira bwino, komabe madzi olowamo akanakhala magalamu 85 aja, ndipo mphamvu ya mowa ikanatsika kuchoka pa maperesenti 10 kufika pa 7 ngati jiniyo ili ya maperesenti 40. Apa m'pamene zikuonekera kuti kudzaza ayisi pakokha sikokwanira. Koma toniki, jini ndi tambula zikanachokera m'furiji pa madigiri 4, ayisi wosungunuka pofuna kufika pa digiri imodzi yomweyo akanakhala magalamu pafupifupi 10 okha, amene sakwana n'komwe supuni yaikulu. Kusiyana kwa magalamu 85 ndi 10 ndiko kusiyana kwa chakumwa chosukuluka ndi chakumwa chamoyo, ndipo sikufuna ndalama iliyonse yoonjezera kupatula kukumbukira kuika zinthu m'furiji nthawi ikadalipo.

Choncho toniki igone m'furiji, kapena ikhalemo maola osachepera anayi, koma isaikidwe m'chipinda choumitsira chifukwa imaundana ndipo botolo likhoza kuphulika. Jini ya maperesenti 40 ikhoza kukhala m'chipinda choumitsiracho popanda kuundana, popeza zoumitsira za m'nyumba zimafika pa madigiri pafupifupi 18 pansi pa ziro, pamene jini yotere imafuna kuzizira koposa pamenepo kuti iume. Tambula ikhalemo mphindi khumi ndi zisanu; ngati malo palibe, idzazeni ndi ayisi, muzungulize ndi supuni mpaka kunja kwa galasi kuchite nkhungu, kenako mutsanule madzi onse amene asonkhana pansi musanathire jini. Anthu ambiri amaiwala kutsanulako, ndipo madzi amenewo amakhala oyamba kusukulutsa chakumwa chisanakonzedwe n'komwe.

Mmene mungadziwire ayisi wabwino

Ayisi wabwino ndi wouma. Akangotuluka m'choumitsira amaoneka wotuwa kunja, amamatirira ku chala, ndipo mukamuthira chakumwa amalira ngati akusweka. Ayisi wotere akadali pansi pa ziro, choncho amayamba wayamwa kutentha asanayambe kusungunuka, ndipo tambula yodzaza ndi ayisi wotereyu pa zakumwa zochokera m'furiji siilandira pafupifupi madzi alionse poyamba. Ayisi amene akunyezimira, woterera m'manja, wokhala m'mbale imene pansi pake pali madzi, wafika kale pa ziro ndipo kabulu kalikonse kanyamula madzi pathupi pake. Ngati ndi yekhayo amene muli naye, monga zimakhalira pa zisangalalo kapena magetsi akathima kwa maola angapo, muikeni m'sefa n'kumugwedeza kuti madziwo adonthe musanamuike m'tambula.

Ukulu wake nawonso uli ndi kanthu. Tizidutswa ting'onoting'ono ndi ayisi wophwanyidwa zimanyamula madzi ambiri pathupi, zimasungunuka msanga, ndiponso zimathamangitsa mpweya wa toniki chifukwa thovu limabadwira pa malo okhakhala. Ngati mumaumitsa madzi m'mapepala apulasitiki kapena m'kontena n'kumaswa ndi chitsulo, sankhani zidutswa zazikulu zofika ukulu wa dzira laling'ono, ndipo zinyenyeswazo muzisiye m'bokosi loziziritsira mabotolo. Tambula idzaze mpaka pamwamba, moti ayisi asamayandame momasuka koma atsamirane kuyambira pansi.

Pali vuto lina limene anthu amaliika pa jini pamene lili la ayisi, ndilo fungo. Ayisi wosavindikira amene wakhala milungu ingapo pafupi ndi chambo, usipa kapena nyama amatenga fungo lake, ndipo fungolo limatulukira pamene akusungunuka. Njira yoyesera ndi yapafupi: sungunulani kabulu kamodzi m'kapu yoyera, mununkhize, mulawe. Ngati mukumva nsomba kapena fungo la furiji, tayani ayisi yenseyo, mutsuke thireyi youmitsiramo ayisi, ndipo watsopanoyo akangouma mumusunge m'thumba lotseka bwino. Madzi oumitsawo akhale omwe mungamwe osaopa kanthu, chifukwa kuzizira sikupha tizilombo tonse, ndipo mowa wa maperesenti 10 m'tambula suyeretsa madzi oipa.

Mpweya ukatha msanga

Mpweya wa mu toniki umakhazikika bwino m'madzi ozizira: madzi a pa ziro amatha kusunga mpweya wotere wochuluka pafupifupi kawiri kuposa madzi a pa madigiri 20. N'chifukwa chake botolo lofunda limalira kwambiri potsegula n'kusefukira, pamene lozizira limangopuma pang'ono. Thovu lalikulu limene limakwera mukamathira si chizindikiro cha toniki yamphamvu ayi, koma ndi mpweya umene ukuthawa, ndipo umene wathawa subweranso. Mukaona thovu likufika kukamwa kwa tambula, dziwani kuti toniki yafunda, kapena mwathira kuchokera patali, kapena tambula ili ndi zoipa.

Thirani mwapang'onopang'ono, tambula mutaipendeketsa, kamwa la botolo litatsala pang'ono kukhudza galasi, kuti toniki itsetsereke m'mbali m'malo mogwera pa ayisi. M'malo ena omwera amathira toniki motsetsereka pa supuni yaitali yopotoka, ndipo n'zokongola kuona, koma ine ndayesa kangapo ndipo sindinapeze kuti imasunga mpweya kuposa kungopendeketsa tambula. Mukatha kuthira musatakase ngati tiyi. Lowetsani supuni mpaka pansi, mutukule ayisi kamodzi kapena kawiri, basi. Kuwira kwa toniki kumamaliza kusakanizako kokha.

Botolo lalikulu la lita imodzi kapena awiri limaoneka lotchipa, koma limataya mpweya nthawi iliyonse imene latsegulidwa, ndipo likamachepa mpweya wotsala umatuluka m'madzi kukadzaza malo opanda kanthu apamwamba. Toniki ya m'botolo lotsegulidwa dzulo imakhala yatha mphamvu ngakhale mutatseka mwamphamvu. Botolo lalikulu ndi loyenera pokhapokha ngati pali anthu okwanira kulimaliza pa nthawi imodzi, monga asanu ndi mmodzi pa lita imodzi. Kwa munthu mmodzi kapena awiri, timabotolo kapena tizitini ting'onoting'ono totsegulidwa pa nthawi yothira n'tabwino koposa.

Yang'ananinso tambula. Ngati timathovu tamatirira m'mbali mwa galasi m'magulumagulu, pamenepo pali mafuta, sopo wosatsukuluzika kapena ulusi wa nsalu yopukutira. Tsukuluzani ndi madzi oyera ambiri, ndipo muisiye iume yokha itavundikiridwa pa thandala.

Jini ikasowa kapena ikaposa

Muyezo umene ndimayambira ndi gawo limodzi la jini pa magawo atatu a toniki: mamililita 50 a jini, omwe ndi matoti awiri a mamililita 25, pa mamililita 150 a toniki, m'tambula yaitali ya mamililita pafupifupi 400 yodzaza ndi ayisi. Amene akufuna kumva bwino fungo la junipa, mbewu imene imapatsa jini kukoma kwake kodziwika, atsitse toniki kufika pa mamililita 100, ndiye kuti gawo limodzi pa awiri. Masana otentha munthu akhoza kukwera mpaka gawo limodzi pa anayi, koma kupitirira pamenepo jini imamira mu shuga ndi kuwawa kwa toniki. Jini ya maperesenti 37.5, amene ndi malire apansi a jini m'malamulo a ku Ulaya ndi ku Britain, imamira msanga kuposa ya maperesenti 43 kapena 47, choncho werengani pa botolo musanasankhe muyezo.

Cholakwika chofala apa ndi chizolowezi chothira jini pang'ono pansi n'kudzaza tambula ndi toniki. Mukatero, amene akusankha muyezo si inu koma tambula ndi ayisi. Taganizani tambula ya mamililita 400, timibulu tiwiri totenga malo a mamililita pafupifupi 55, ndi toti imodzi ya mamililita 25: malo otsala ndi mamililita oposa 300, ndipo muyezo wafika pa gawo limodzi pa khumi ndi awiri. Munthu wotereyu amadandaula kuti jini yake ilibe fungo, chonsecho sanaipatse mpata womveka. Mawa lake akatenga tambula yaing'ono yodzaza ayisi, dzanja lomwelo lidzatulutsa chakumwa chaukali, ndipo adzadabwa kuti chasintha n'chiyani.

Mankhwala ake ndi kuyeza zonse ziwiri. Ngati mulibe kachikho koyezera toti, supuni yaikulu yoyezera pophika imatenga mamililita 15, choncho masupuni atatu ndi kachigawo kakang'ono amakwana mamililita 50. Pa toniki werengani kukula kwa botolo kapena chitini: cha mamililita 200 chikwanira tambula imodzi n'kutsala pang'ono, ndipo cha mamililita 300 chigawidwe pa matambula awiri. Ngati tambula siinadzaze mutathira muyezo wanu, onjezani ayisi, osati toniki. Kuyezaku kumathandizanso kudziwa zimene mukumwa, popeza mamililita 50 a jini ya maperesenti 40 ali ndi mowa wofanana ndi wa m'botolo la mowa wa maperesenti 4 la theka la lita, ndipo chakumwa chozizira bwino chimatsika mosavuta moti mphamvu yake siimveka pakamwa.

Kuwawa ndi kutsekemera kopitirira

Toniki iyenera kuwawa pang'ono, chifukwa ili ndi kwinini wochokera ku makungwa a mtengo wa sinkona wa ku mapiri a Andes ku South America. Angelezi amene anali ku India m'zaka za m'ma 1800 ankamwa kwinini podziteteza ku malungo, ndipo ankamusakaniza ndi shuga, madzi a mpweya ndi jini kuti amezeke. Toniki ya masiku ano ili ndi kwinini wochepa kwambiri, wongopatsa kukoma. Ku America malamulo salola kupitirira mamiligalamu 83 pa lita, pamene mlingo umodzi wochizira munthu wamkulu umakhala mamiligalamu mazanamazana. Ndikunena izi chifukwa ndimamvabe anthu akuti MGT imateteza ku malungo, ndipo zimenezo si zoona. Wodwala malungo apite kuchipatala.

Kuwawa kwa kwinini n'koyera, kumabwera kumapeto kwa kumwa n'kuchoka. Ngati mukumva kuwawa kokakamira kumene kukukulirakulira pamene tambula ikutha, kayikirani ndimu. Ngati m'malo mwake chakumwa chikutsekemera monyansa n'kumamata milomo, nthawi zambiri chafunda ndipo mpweya watha, chifukwa kuzizira ndi kuluma kwa mpweya ndizo zimabisa shuga wa mu toniki. Musafulumire kusintha mtundu wa toniki musanailawe yokha ili yozizira kwambiri komanso yongotsegulidwa kumene.

Ndimu

Ntchito yaikulu ya ndimu m'chakumwachi ndi fungo, chifukwa toniki ili kale ndi kuwawasa kwake. Fungolo lili m'mafuta a pakhungu lakunja, pamene kuwawa kuli m'choyera cha pansi pa khungu ndi m'nthangala. Mandimu aakulu okhakhala amene amapezeka kwambiri m'misika yathu ali ndi choyera chochindikala ndi nthangala zambiri, moti chidutswa chachikulu chikamizidwa m'tambula kwa mphindi khumi chimapereka kuwawa kumene anthu amakunamizira toniki. Pa ndimu lotere, litsukeni bwino, musende kakhungu kopyapyala kotalika ngati chala popanda kutenga choyera, mukapinde pamwamba pa tambula mbali yakunja itayang'ana pansi. Mukayang'anitsitsa pa kuwala mudzaona timadontho ta mafuta tikuwazikira pa chakumwa, ndipo fungo lidzakufikani tambula isanafike pakamwa. Kenako kaponyenimo.

Tindimu tating'ono tobiriwira ta khungu losalala, timene ena amati laimu, ndito timagwirizana kwambiri ndi jini ya fungo lamphamvu la junipa. Dulani kamodzi m'zigawo zisanu ndi chimodzi, muchotse nthangala, ndipo chigawo chimodzi chikwanira. Ngati mukufuna madzi ake, finyirani pang'ono pa jini toniki isanalowe, popeza timinofu ta ndimu tikagwera pa toniki yothiridwa kale timayambitsa thovu n'kutaya mpweya. Theka lathunthu la ndimu lofinyidwa limaphimba jini yonse, ndipo chotsatira chake ndi chakumwa cha mandimu chabe.

Dulani pa nthawi yothira. Zidutswa zodulidwa m'mawa n'kusiyidwa m'mbale zimauma m'mphepete, fungo lake limauluka, ndipo madzi ake amayamba kuwawa maola akamapita. Mpeni ndi thabwa zikhale zoti sizinadulepo anyezi, chifukwa fungo la anyezi limamveka msanga m'chakumwa chozizira chopanda zinthu zambiri zolibisa. Nkhaka, tsabola wakuda ndi timasamba tonunkhira zili ndi malo ake pa mitundu ina ya jini, koma pofufuza vuto zichotseni zonse mutsale ndi ndimu lokha.

Kuyesa kumene kumaonetsa wolakwa

Ngati mwatsata zonsezi koma simukukhutirabe, konzani matambula awiri nthawi imodzi, ofanana pa chilichonse kupatula chinthu chimodzi chokha chimene mukuchikayikira, n'kulawa onse pa chiyambi ndiponso pakatha mphindi khumi. Kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi kukhoza kukonza chakumwa cha tsikulo, koma simudzadziwa chimene chinali cholakwika, ndipo vutolo lidzabweranso.

Umu ndi mmene tinachitira ku Salima tsiku lotsatira. Toniki inagona m'furiji, matambula awiri tinawaziziritsa mofanana, ndipo muyezo unali womwewo wa mamililita 50 pa 150, ndi kachigawo kamodzi ka ndimu lobiriwira kodulidwa nthawi yomweyo. M'tambula yoyamba tinaponya timibulu tiwiri monga dzulo lake, m'yachiwiri tinadzaza timibulu tisanu ndi kamodzi touma tochokera m'choumitsira. Pa kumwa koyamba kusiyana kunali kochepa, ndipo zimenezi zinationetsa kuti mbali yaikulu ya vuto la dzulo inali toniki yofunda. Patatha mphindi khumi ndi zisanu pakhonde lomwelo, timibulu ta m'tambula yoyamba tinali titatsala pang'ono kutha ndipo shuga anayamba kumveka, pamene m'yachiwiri ayisi anali akadali ndi ngodya zake, timathovu tikukwerabe m'mizere kuchokera pansi, ndipo fungo la junipa ndi ndimu linkamveka monga poyamba. Alamu anga anatenga yachiwiriyo n'kundiuza kuti ndibwezere thireyi m'choumitsira madzi ake asanayambe kudontha.